Momwe mungagwirire marefarensi obwerezedwa pogwiritsa ntchito sipuredishiti

Mwezi wathawu mphwanga wina amene akumaliza maphunziro ku Chirunga anandipeza ndi laputopu yake, nkhope ili yakugwa. Kafukufuku wake wa usodzi wa pa nyanja ya Chilwa anali atamaliza, koma mndandanda wa mabuku wa kumapeto unali chipwirikiti chokhachokha. Anali atasonkhanitsa marefarensi 212 kuchokera m'mitu isanu ya pepala lake, ena kuchokera kwa asupavaiza, ena kwa anzake a ku Chikanda. "Amalume, ndadina Remove Duplicates koma yangochotsa atatu okha, pamene ndi maso anga ndikuona kuti obwereza alipo ambiri," anatero.

Kompyutayo sinalakwe. Iyo imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo kadontho kamodzi kakasiyana imati ndi zinthu ziwiri. Buku la 1979 lonena za nyanja ya Chilwa linali m'mndandanda wake katatu, motere:

```
Kalk, M., McLachlan, A.J. & Howard-Williams, C. (1979)
Kalk M, McLachlan AJ, Howard-Williams C. 1979.
Kalk, M. et al. (eds) (1979)
```

Choncho ntchito yathu ndi kupangira refarensi iliyonse kachizindikiro kakafupi, dzina la wolemba ndi chaka basi, kenaka kompyuta iwerenge zizindikirozo. Ife tinagwiritsa ntchito Excel, koma mafomula omwewa amagwiranso mu Google Sheets.

Yambani ndi kusunga fayilo yoyambayo padera, kaya pa fulashi, musaikhudzenso. Mukatero tsegulani sipuredishiti yatsopano, mzere woyamba muusiyire mitu. Mu kolamu A matani marefarensi, iliyonse pa mzere wake, ndipo mu kolamu B lembani kumene yachokera, monga Mutu 2 kapena asupavaiza. Kolamu B imeneyi anthu amaiona ngati yotayitsa nthawi, koma ndi imene idzakuuzeni kokakonza mukapeza chobwereza.

Apa pali ntchito ya manja imene simungaithawe. Zimene mwakopera mu PDF zimabwera zoduka: refarensi imodzi imagwera m'mizere iwiri kapena itatu. Tsikani pang'onopang'ono, mukaona mzere woyamba ndi dzina la mzinda kapena manambala a masamba, dziwani kuti ndi mchira wa mzere wapamwambapo, muulumikize. Manambala a kutsogolo ngati 12. kapena [3] achotseninso, kuti mzere uliwonse uyambe ndi dzina la wolemba. Ife zinatitengera pafupifupi theka la ola.

Tsopano tsukani. Mu C2 lembani fomula iyi, ndipo muikokere pansi mpaka mzere womaliza:

```
=LOWER(TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "),","," ")))
```

Fomulayi imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, imachotsa makoma ndi mipata yowonjezera. Mbali ya UNICHAR(160) ikulimbana ndi kampata kena kamene kamabwera ndi zokopera pa intaneti. M'maso kamaoneka ngati mpata wamba, koma TRIM payokha siikachotsa. Excel ikakana fomula yonse, n'kutheka kuti kompyuta yanu inatcheredwa kuti pakati pa zigawo za fomula pazikhala chizindikiro cha ; m'malo mwa koma.

Chaka chipite mu kolamu D. Mu D2 lembani:

```
=MID(C2,FIND("(",C2)+1,4)
```

Iyi imatenga zilembo zinayi zotsatira bulaketi yoyamba. Pa mizere itatu ya Kalk ija, woyamba unatulutsa 1979 bwinobwino, wachiwiri unatulutsa #VALUE! poti mulibe bulaketi, wachitatu unatulutsa eds). Musataye nthawi kusaka fomula yanzeru kuposa iyi. Zolakwika zotere zimaonekera patali, ingolembani chaka ndi dzanja pamwamba pake.

Kachizindikiro kaja kabwere mu E2, ndipo chiwerengero chake mu F2:

```
=LEFT(C2,FIND(" ",C2)-1)&D2
=COUNTIF($E$2:$E$213,E2)
```

Mizere itatu ija yonse tsopano ikuti kalk1979, ndipo mu kolamu F iliyonse ikuonetsa 3. Pamene pali 213 ikanipo nambala ya mzere wanu womaliza. Zizindikiro za dola zisasowe, apo ayi mukamakokera pansi malo owerengedwa amatsetsereka nawo, ndipo mizere ya m'munsi siionanso anzake a kumwamba. Ena amatenga zilembo zinayi zokha zoyambirira za dzina, koma kwathu kuno zimenezo zingasakanize a Chirwa ndi a Chirambo, n'chifukwa chake tikutenga dzina lonse. Musayesenso kuwerengetsa COUNTIF pa refarensi yathunthu. Mu Excel mawu akapitirira zilembo 255 imatulutsa #VALUE!, ndipo chizindikiro cha funso chimene chili m'mutu wa nkhani imachitenga ngati choimira chilembo china chilichonse.

Kuti obwerezawo aoneke, sankhani kuyambira A2 mpaka F213, pitani pa Home, Conditional Formatting, New Rule, musankhe lamulo logwiritsa ntchito fomula, mulembe `=$F2>1` ndi kusankha mtundu, kaya wachikasu. Kenaka pitani pa Data, Sort, musanje potsata kolamu E. Sankhani makolamu onse musanasanje, ndipo ikakufunsani dinani Expand the selection. Mukasanja kolamu imodzi yokha, mizere imasokonekera osadziwa.

Mizere 41 inasanduka yachikasu, ndipo mphwanga uja dzanja linali kale pa batani lofufutira. Ndinamugwira mkono. Chikasucho chikungokuuzani poyang'ana, kuweruza ndi kwanu. Malawi muno a Banda ndi a Phiri olemba mabuku ndi ambiri, moti mizere inayi imene inali ndi chizindikiro chimodzi cha dzina la Banda inapezeka kuti ndi anthu atatu osiyana, ndipo mmodzi mwa iwo analemba nkhani ziwiri chaka chomwecho. Palibe umene tinafufuta pamenepo. Nkhani ziwiri za munthu mmodziyo tinaziika a ndi b pambuyo pa nambala ya chaka, n'kukakonzanso m'kati mwa mitu momwe anazitchula.

Pa gulu lililonse lachikasu werengani mutu wa buku kapena wa nkhani. Ngati ndi chinthu chimodzi, sungani mzere umene uli ndi zonse, osindikiza, masamba ndi DOI ngati ilipo, ndipo enawo alembeni kuti chotsa mu kolamu G. Fufutani pamapeto, mutadutsa magulu onse. Mwa mizere 41 ija, tinachotsa 19.

Palinso obwereza amene njirayi siiwagwira, makamaka malipoti a boma ndi mabungwe. Lipoti la kalembera wa 2018, lochokera ku ofesi yoona za chiwerengero cha anthu imene ili konkuno ku Zomba, linatuluka mu 2019. M'mndandanda wa mphwangayo linali kawiri, pena NSO (2018), pena National Statistical Office (2019), ndipo mizere yonse iwiri inatsala yoyera. Zoterezi muzisake ndi Ctrl+F polemba liwu la m'mutu wa lipotilo, monga census. Chitaninso chimodzimodzi ndi Government of Malawi, Malawi Government ndi GoM, musankhe kalembedwe kamodzi.

Mndandanda woyerawo mukaubwezera mu Word, tengani kolamu A, osati C imene ili ya zilembo zazing'ono zokhazokha. Zilembo zopendekera za mitu ya mabuku nthawi zambiri zimatayika m'njira. Mphwanga uja anakhala madzulo onse akuzipendeketsanso mmodzimmodzi, marefarensi 192 amene anatsala.