Proxmox pa desikitopu yakale

"Ndili ndi desikitopu yakale ya i5, RAM 8GB, ndiyambe bwanji labu ya makina a vechuwo?"

Muikemo Proxmox, pulogalamu yoyendetsera makina a vechuwo. Pezani fulashi, kebulo ya netiweki, ndipo sungani mafayilo kwina chifukwa disiki yonse ifufutika.

1. Lowani mu BIOS muyatse VT-x, yomwe imalola purosesa kuyendetsa makina a vechuwo, apa ndi pomwe ambiri amagwa, mukaiwala makina a vechuwo akana kuyaka.
2. Koperani ISO ya Proxmox VE, muiwotche pa fulashi ndi Etcher.
3. Yatsirani pa fulashi, muike, mupatse IP yokhazikika ngati 192.168.1.50, wayifayi musaidalire ayi.
4. Pa laputopu tsegulani `https://192.168.1.50:8006`, lowani ngati root.
5. Pangani makina a Debian, RAM 2GB basi pa aliwonse, musapitirire atatu, Proxmox nayo imadya yake.