Momwe mungapimire pH ndi fosiforasi m'dothi la m'munda mwanu

Alimi ambiri m'boma la Zomba amadandaula kuti amathira feteleza chaka ndi chaka koma chimanga chimakhalabe chopinimbira, masamba ake am'munsi ali ofiirira ngati biringanya. Nthawi zina gwero la vutoli limakhala asidi wochuluka m'nthaka, amene amachititsa kuti fosiforasi, chimodzi mwa zakudya zofunika za mbewu, agwidwe ndi aluminiyamu komanso ayironi mpaka mizu kulephera kumuyamwa. Kuti mudziwe ngati zili choncho m'munda mwanu, pafunika kupima zinthu ziwiri motsatizana: poyamba pH, nambala yosonyeza asidi wa m'dothi yomwe imatsika asidi akamachuluka, kenako fosiforasi amene mbewu ingathe kumupeza. Ndondomekoyi siyenera kusinthidwa, chifukwa pH ndiyo imauza wopima mankhwala oyenera kusungunulira fosiforasi m'dothilo.

Ntchito imayambira kumunda, ndipo n'komwe zolakwika zambiri zimachitikira. Nthawi yabwino ndi mukakolola, mvula yoyamba isanagwe, ndiponso musanathire feteleza, manyowa kapena laimu. Gawani munda molingana ndi maonekedwe a nthaka. Tiyerekeze kuti mlimi wa ku Thondwe ali ndi munda wa hekitala imodzi wa katondo kumtunda ndi dimba la dothi lakuda kumunsi kwake. Ameneyu ayenera kutenga dothi la mitundu iwiri, lililonse m'pepala lakelake, pakuti akaphatikiza adzapeza nambala imene sikunena zoona za munda kapena za dimba.

M'gawo lililonse yendani mokhotakhota kuchokera kumalire ena kukafika kwina, ndipo muime malo 15 kapena 20. Pamalo aliwonse sesani zinyalala, kumbani kadzenje kozama masentimita 20, kenaka dulani kachidutswa ka dothi m'mbali mwa dzenjelo kuchokera pamwamba mpaka pansi, kochindikala mofanana. Popeza ambirife timalima pamizere, dothilo litengedwe pamzere, osati penipeni pomwe munaika feteleza wa chaka chatha. Fosiforasi sayendayenda m'nthaka ngati nayitirojeni. Amakhala pafupi ndi pomwe anagwera, kotero timibulu tochepa totsalira tingathe kukweza zotsatira za munda wonse. Lambalalani chulu, pansi pa mtengo, pomwe panali khola ndi pomwe munaotcha mapesi. Phulusa limakweza pH ndiponso lili ndi fosiforasi, motero dzanja limodzi la dothi lapamoto lingachititse munda wa asidi kuoneka ngati wabwinobwino.

Thirani zonse m'ndowa yoyera ya pulasitiki, phwanyani zibuma, sakanizani bwino, ndipo mutapepo pafupifupi theka la kilogalamu. Thumba lomwe munali feteleza musaliyandikize n'komwe, ngakhale litachapidwa. Lembani dzina la munda, tsiku, kuzama kwake ndi mbewu imene inalimidwa, ndipo cholembacho chikhale kunja kwa pepala kuti chinyontho chisachifufute. Ngati dothi ndi lonyowa, monga limakhalira la kudimba, liyanikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo, osati pamoto kapena pamalata otentha, chifukwa kutentha kwambiri kumasintha kuchuluka kwa fosiforasi amene angasungunuke. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuuzeni labotale yotumizako dothilo, monga ya kumalo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo kapena Chitedze ku Lilongwe.

Kulabotale dothi louma limasinjidwa pang'ono n'kusefedwa pa sefa ya mabowo a mamilimita 2. Popima pH, wopima amaika magalamu 10 a dothi m'kabotolo, n'kuthiramo mamililita 25 a madzi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, amene alibe mchere uliwonse. Madzi a pamjigo sayenera chifukwa ali ndi pH yawoyawo. Amakhutchumula kwa mphindi 30, amadikira pang'ono kuti dothi likhazikike, kenako amamiza nsonga ya makina m'madziwo mpaka nambala itasiya kusintha. Makinawo amayenera kuyamba ayesedwa m'madzi a pH 4 ndi pH 7 odziwika kale, ndipo nsonga yake imatsukidwa asanaimize m'botolo lina. Ngati nambala ikungoyendabe osakhazikika, kawirikawiri nsongayo yauma kapena yakalamba. Malabotale ena amagwiritsa ntchito madzi a mchere wa kalisiyamu, 0.01 M CaCl₂, ndipo zotsatira zake zimatsika ndi pafupifupi 0.5 poyerekeza ndi za m'madzi chabe, choncho muziona pa pepala lanu njira imene yalembedwa.

Tiyerekeze kuti munda wa katondo uja watuluka pH 5.2, dimba 6.6. Chimanga chimachita bwino pakati pa 5.5 ndi 7, ndipo pansi pa 5.5 m'pomwe aluminiyamu amayamba kusungunuka, kupsereza nsonga za mizu ndi kumanga fosiforasi. Pa fosiforasi, madothi onse awiriwa angapimidwe ndi njira yotchedwa Mehlich 3, yomwe imagwira bwino m'dothi la asidi ndi la pakatikati.

Apa m'pofunika kumvetsa chimene chikupimidwa. Fosiforasi wambiri wa m'nthaka ndi womangika, ndipo mbewu singamupeze m'nyengo imodzi. Mankhwala a Mehlich 3 anakonzedwa kuti achotse kagawo kochepa kokha kamene kamagwirizana ndi zomwe mizu imayamwa. M'mankhwalawo muli asidi wa mtundu wa viniga, asidi wina wochepa wa HNO₃, komanso NH₄F amene amagwira aluminiyamu kuti amasule fosiforasi. Wopima amayeza magalamu 2.5 a dothi, amathira mamililita 25 a mankhwalawo, amakhutchumula pamakina kwa mphindi 5 zenizeni, n'kusefa nthawi yomweyo pa pepala losefera. Mphindi zisanuzi n'zosanyengerera: akapitiriza kapena akachedwa kusefa, dothi limapitirira kuchitana ndi mankhwala ndipo nambala singafanizidwenso ndi matebulo a malangizo. Madzi osefedwa ayenera kukhala oyera mbee. Akatuluka amatope asefedwenso. Pambali pamakhalanso botolo la mankhwala okha lopanda dothi, lomwe limaulula ngati mabotolo anatsukidwa ndi sopo wokhala ndi fosiforasi.

Madzi osefedwawo amathiridwa mankhwala owasandutsa obiriwira ngati thambo, ndipo makina amapima kukula kwa mtunduwo, komwe kumasonyeza kuchuluka kwa fosiforasi. Ngati madzi a munda wa katondo apezeka ndi 1.2 mg/L, kutanthauza mamiligalamu 1.2 a fosiforasi pa lita imodzi, chiwerengero chake chimayenda motere:

```
1.2 mg/L × 25 mL ÷ 2.5 g = 12 mg/kg
```

Pa njira ya Mehlich 3, 12 mg/kg, kapena kuti mamiligalamu 12 pa kilogalamu ya dothi, ndi fosiforasi wochepa pa chimanga, ndipo pH ya 5.2 ikusonyeza kuti gawo lina la feteleza amene mlimiyu akuthira likugwidwa ndi nthaka. Kuchuluka kwa laimu wofunika sikungadziwike ndi pH yokha. Kumafuna kupimanso kwina kwa asidi wobisika m'dothi, ndipo ndi bwino kukupempha nthawi yomweyo.

Nkhani imasintha kwa alimi a m'madambo oyandikira nyanja ya Chilwa, komwe dothi lina lakuda limapitirira pH 7.5. Kumeneko fosiforasi amagwidwa ndi kalisiyamu, ndipo ngati m'dothi muli laimu wachilengedwe, iye amafooketsa asidi wa m'mankhwala ntchito isanathe. Laimuyu mungamuzindikire podontheza asidi pa dothi louma, chifukwa limachita thovu. Dothi lotere limapimidwa ndi njira ya Olsen: magalamu 2.5 a dothi, mamililita 50 a madzi a soda, 0.5 M NaHCO₃, a pH 8.5, kukhutchumula mphindi 30. Nambala za Olsen zimakhala zazing'ono kuposa za Mehlich 3 ndipo zili ndi matebulo akeake, kotero 12 mg/kg ya Olsen ili pakatikati pomwe 12 ya Mehlich 3 ndi yochepa. Mukadzapimitsanso patatha zaka zitatu kapena zinayi, tengani dothi mwezi womwewo, pa kuzama komweko, ndipo mupemphe njira yomwe inagwiritsidwa ntchito poyamba.