Mwangodumpha Msambo? Umu Ndi Momwe Mungasankhire Mankhwala ndi Zakumwa

Ziwalo za mwana, monga mtima, ubongo ndi msana, zimaumbika m'masabata 12 oyambirira, nthawi zina mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Choncho mukangodumpha msambo, tulutsani mankhwala onse amene muli nawo, muwaike m'magulu.

Yambani ndi opha ululu, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Bulufeni, daikilofenaki ndi asipirini ikani pambali. Asipirini wochepa mphamvu, wa mamiligalamu 75, amaperekedwa kwa amayi ena oyembekezera, koma amalamula ndi dokotala. Wotsala ndi panado, dzina lake lenileni parasetamo: mibulu iwiri ya mamiligalamu 500, kenako mudikire maola osachepera 4, ndipo isapitirire 8 pa maola 24.

Vuto limabisala m'mankhwala osakaniza, a chimfine ndi a mutu aja. Tiyerekeze mayi wamwa mibulu iwiri ya panado m'mawa, masana, madzulo ndi usiku. Yakwana 8. Chimfine chikumusautsabe, ndiye akuwonjezera mankhwala a chimfine katatu, aliwonse okhala ndi mamiligalamu 500 a parasetamo yemweyo. Wafika magalamu 5.5 pamene malire ndi 4, ndipo chimene chimapweteka ndi chiwindi. Ena mwa mankhwalawa alinso ndi asipirini ndi kafini. Werengani timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa paketi, osati dzina lalikulu lakutsogolo. Mibulu yokulungidwa m'kapepala kopanda dzina, yogula kwa ogulitsa oyendayenda, tayani ngakhale inali yotchipa chotani.

Gulu lachiwiri ndi lopha tizilombo. Dokisisaikilini ndi tetirasaikilini sayenera kumwedwa, ndipo bakitirimu amasokoneza foliki asidi amene amateteza msana wa mwana, kotero musamwe mwa nokha. Koma mankhwala amene munalemberedwa a khunyu, a kuthamanga kwa magazi, otalikitsa moyo, kapena bakitirimu woperekedwa limodzi nawo, musasiye mwadzidzidzi. Pitani nawo kuchipatala sabata yomweyo, akasinthe oyenera kusintha. Kukomoka ndi khunyu n'koopsanso kwa mwanayo.

Mankhwala azitsamba alibe muyeso wodziwika: botolo la lero likhoza kukhala lamphamvu kuposa la dzulo. Pewani makamaka aloevera wakumwa, nimu, ndi aliwonse amene akuti amatsuka m'mimba kapena kubwezeretsa msambo. Mukawamwa n'kumva kupotokola kapena kuona magazi, thamangirani kuchipatala ndi botololo.

Mowa ayi, ngakhale pang'ono. Palibe mlingo wodziwika kuti ndi wabwino. Kafini asapitirire mamiligalamu 200 patsiku, pafupifupi makapu awiri a khofi, kuwerengera pamodzi tiyi ndi zakumwa za kola. Zakumwa zopatsa mphamvu zam'chitini zisiyeni. Mavitamini okhala ndi vitamini A wochuluka nawonso ayi. Imwani foliki asidi amene akupatseni kusikelo.