Momwe mungawerengere mathirayango obisika osadumpha ena kapena kubwereza

Tizithunzi tija tofunsa kuti muli mathirayango angati umu, anthu ambiri amawerenga ndi maso basi, chala chikungoyendayenda. Ine ndinasiya zimenezo, ndimalemba.

Tengani pepala mujambule sikweya. Kokani mizere iwiri yopingasa kuchoka pakona kupita pakona inzake, kenako ina iwiri yodula pakati, woimirira ndi wogona. Yonse ikumane pakatikati, mupeza tizidutswa 8. Poyamba kadutswa kalikonse kapatseni chilembo, a mpaka h, kuyambira kamene kali m'mbali ya pamwamba cha kumanzere nkumazungulira ngati wotchi. Lembani ndi pensulo, bolopeni imadetsa chithunzi.

Ndiye muziwerenga potengera kuchuluka kwa tizidutswa. Kamodzikamodzi, tonse ndi mathirayango, 8. Tiwiritiwiri, apa osathamanga, chifukwa si tonse togundana timene timapanga thirayango. ab, cd, ef ndi gh ndi mathirayango koma bc, de, fg ndi ha ndi timasikweya ta m'makona, tisiyeni. Tafika 12. Titatutitatu palibe, chimatuluka cha makona anayi.

Pa tinayitinayi ndi pamene ndinagwa ine. Ndinalemba abcd, cdef, efgh, nditaona kuti zilembo zathera pa h ndinati basi ndamaliza, 15, mpaka kutsutsana ndi mnzanga nthawi yaitali ndithu ndili ndi chikhulupiriro chonse. Chonsecho h wagundana ndi a, chithunzicho chimazungulira, sichithera pomwe zilembo zathera. Wosowayo anali ghab, yankho ndi 16. Chimene chikanandidzutsa ndi ichi, sikweyayi mukaitembenuza imaoneka chimodzimodzi mbali zonse zinayi, ndiye gulu lililonse la mathirayango liyenera kugawika ndi 4. Mukapeza 3 pagulu dziwani kuti wina wabisala, mukapeza 5 pali amene mwamuwerenga kawiri kapena mwalowetsa rekitango ngati bcde. Kubwerezako kumabwera mukalemba ghab kenako abgh nkumayesa ndi awiri osiyana, nchifukwa chake zilembo muzizilemba motsata wotchi nthawi zonse.

Pali timabuku tina ta mafunso totsindikizidwa mwachisawawa, yankho la kumapeto lolakwika, mizere ina yosafika nkomwe pakona. Mzere ukapanda kugunda pakona thirayangoyo sanatsekeke, musamuwerenge ngakhale bukulo likakamire.

Masikweya savuta kwenikweni. Pagiridi ya mabokosi 4 mulitali 4 mulifupi, aang'ono alipo 16, a mabokosi awiri mbali iliyonse 9, a atatu 4, wamkulu 1, onse 30. Bolodi ya tchesi njira yomweyo, 64 + 49 + 36 mpaka kutsika pa 1, imapereka 204. Koma chidule chimenechi ndi cha giridi yodzaza bwino, kukakhala masikweya opendekeka kapena osanjikizana bwererani ku zilembo zija.