Makodi olowera mu Gmail foni ikatayika

"Foni yanga itatayika, ndingalowe bwanji mu Gmail popanda kodi ya pa SMS?"

Konzekeranitu foni ikadalipo. Mufunika pasiwedi, pepala ndi cholembera.

1. Mu akaunti ya Google tsegulani Security, kenako 2-Step Verification, kenako Backup codes.
2. Mupatsidwa makodi 10, iliyonse ya manambala 8. Alembeni papepala.
3. Pepalalo liikeni m'pulasitiki, poti chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimafufuta inki, ndipo mulitsekere pamodzi ndi masatifiketi. Pasiwedi musalembepo.
4. Polowa, ikani pasiwedi, dinani Try another way, n'kulemba kodi imodzi. Imagwira kamodzi kokha, ndiye ikhwatcheni.

Ambiri amalakwitsa pojambula makodiwo n'kuwasunga m'foni yomweyo kapena mu Gmail, zonse n'kutayikira limodzi. Pepala likasowa, tengani makodi atsopano msanga, akalewo amasiya kugwira pomwepo.