Momwe mungawerengere makapasita ndi mariyakita pa fakitale yokhala ndi mahamoniki

Fakitale yomwe imalipira magetsi potengera kVA imapindula ikaika makapasita okweza pawa fakita, koma ngati pamalopo pali madiraivu osinthira liwiro la mota, makapasita oikidwa okha amatupa ndi kupsa msanga chifukwa cha mahamoniki, omwe ndi makarenti a mafrikwense okwera kuposa 50 Hz otuluka m'madiraivuwo. Tiyeni tiwerengere pamodzi fakitale yogaya chimanga yogwiritsa ntchito 300 kW pa 400 V ndi 50 Hz, yomwe ili ndi thiransifoma ya 500 kVA ya impidansi ya 5%.

Yambani ndi kuyeza. Mangirirani analaiza ya magetsi pa bolodi yaikulu kwa sabata yathunthu makina akugwira ntchito, ndipo muwerenge cos φ osati PF, chifukwa nambala ya PF imaphatikizamo kusokonekera kwa mahamoniki komwe kapasita singakonze. Tinene kuti mwapeza 0.75 ndipo mukufuna kufika pa 0.95.

```
Qc = P × (tanφ1 − tanφ2)
   = 300 × (0.882 − 0.329) = 166 kvar
```

Poganizira kuti ntchito idzakula, tisankhe 200 kvar, yogawidwa m'masitepe a 25, 25, 50, 50 ndi 50.

Kenako onani pomwe makapasitawo adzagwirizane ndi thiransifoma n'kuyamba kukulitsa karenti, zomwe amisiri amati rezonansi. Gawani 500 kVA ndi 0.05 kuti mupeze 10,000 kVA, yomwe ndi mphamvu ya shoti seketi ya thiransifoma, ndipo h ndi nambala ya hamoniki yomwe rezonansi ikugwerapo.

```
h = √(10000 / 200) = 7.07
```

Yankho limeneli ndi loopsa, pakuti madiraivu wamba amatulutsa kwambiri hamoniki yachisanu, ya 250 Hz, ndi yachisanu ndi chiwiri, ya 350 Hz, ndipo masitepe onse akalowa rezonansi ikugwera pafupi kwambiri ndi 350 Hz. Mankhwala ake ndi kuika riyakita kutsogolo kwa kapasita pa sitepe iliyonse. Riyakita ya 7% imaika rezonansi ya sitepeyo pa 189 Hz, kunsi kwa 250 Hz, kotero kuti sitepeyo singakulitsenso mahamoniki awiriwo. Ngati analaiza yaonetsa hamoniki yachitatu yambiri, monga zimakhalira pamalo odzaza makompyuta ndi nyale za feizi imodzi, sankhani ya 14%, yomwe imatsitsa rezonansi kufika pa 134 Hz.

Povuta penipeni ndi pogula makapasita, ndipo apa mpomwe ntchito ina inandiwonongekera. Riyakita imakweza voteji yofika pa kapasita: 400 V yogawidwa ndi 0.93 ikupereka 430 V, ndipo magetsi akakwera ndi 10% imafika pa 473 V. Choncho kapasita ya 400 V kapena 415 V siyenera, mumafunika ya 480 V kapena 525 V. Koma nambala ya kvar yolembedwa pachitini cha kapasita imanena za voteji yolembedwapo, osati ya pa fakitale yanu. M'masamu otsatirawa, Qn ndi Un ndi kvar ndi voteji zolembedwa pachitini, U ndi voteji ya pa fakitale, ndipo p ndi peresenti ya riyakita.

```
Qeff = Qn × (U / Un)² / (1 − p)
     = 50 × (400 / 480)² / 0.93 = 37 kvar
```

Wogulitsa wina anabweretsa makapasita olembedwa 50 kvar pa 480 V pamodzi ndi mariyakita a sitepe ya 50 kvar, n'kunena kuti zonse zikugwirizana, ndipo mtengo wake unalidi wotsika kuposa wa anzake. Bolodi itayatsidwa, sitepe yomwe inayenera kukoka pafupifupi 72 A pa feizi iliyonse inkakoka 53 A yokha ya 50 Hz, ndipo pawa fakita sinafike pomwe tinapangana. Choipa kwambiri chinali chobisika. Kapasita ikachepa pomwe riyakita ili yomweyo, rezonansi imakwera, ndipo apa inachoka pa 189 Hz kufika pafupifupi 219 Hz, kuyandikira hamoniki yachisanu. Sitepeyo inayamba kumeza karenti yochuluka ya 250 Hz, mariyakita ankalira ndi kutentha moti sunkatha kuwagwira. Kuti sitepe ipereke 50 kvar yeniyeni pamafunika kapasita ya 67 kvar pa 480 V ndi riyakita ya pafupifupi 0.77 mH. Musalandire kotesheni yomwe sikusonyeza manambala onse awiriwa, ndipo katundu akafika yezani nokha musanalipire. Dziwaninso kuti kapasita ikamakalamba mphamvu yake imatsika, ndiye rezonansi imakwera mwa njira yomweyi, chifukwa chake karenti ya sitepe iliyonse iziyezedwa nthawi ndi nthawi.

Zotsalazo ndi za masiku onse. Mawaya ndi mafyuzi akhale otha kunyamula karenti ya sitepe kuphatikizapo theka lake. Mariyakita akhale pamwamba pa makapasita kapena m'chipinda chawochawo chokhala ndi fani, kuti kutentha kwawo kusafike pa makapasita. CT, kathiransifoma koyezera karenti ka kontirola ya masitepe, ikhale pomwe ikuona karenti ya makina onse pamodzi ndi makapasitawo, ndipo pasakhale sitepe ngakhale imodzi yopanda riyakita. Ngati fakitale ili ndi jenereta, lumikizani kuti bolodi ya makapasita izizima jenereta ikalowa.