Mboni za mlandu wa nkhanza kuntchito musazikhazike pamphasa imodzi

Nyengo ino yosankha ndi kumanga fodya ndayenda m'mashedi ndi m'magulu a alimi kuchokera ku Ulongwe mpaka ku Furankungo, ndipo chinthu chimodzi chandikwana. Mayi akadandaula kuti kapitawo akumuvutitsa, komiti imaitana aliyense tsiku limodzi: wodandaula, wonenezedwa, mboni zonse, nthawi zina ndi ankhoswe omwe. Amayala mphasa, wapampando amatsegula ndi pemphero, kenako amati, "Tiyeni aliyense anene zomwe akudziwa." Pofika masana nkhani yatha, anthu agwirana chanza. M'buku la komiti mumalembedwa mzere umodzi wokha, woti anakhululukirana.

Apa ndiye mwakwirira nkhani. Kufufuza simunakuyambe n'komwe.

Pagulu lina lomwe sindilitchula, mayi wosankha fodya anauza mlembi kuti kapitawo anamutsekereza kuseri kwa mabelo nthawi yoweruka, namugwira m'chiuno, n'kumuuza kuti akafuna kuti dzina lake lizikhala pamndandanda wa aganyu azimumvera. Mayiyo anakana. Sabata yotsatira dzina lake silinaitanidwe. Anatchula amayi anayi omwe anali pafupi tsikulo. Komiti inawakhazika anayiwo pamzere, kapitawo ali pampando moyang'anizana nawo, yemweyo amene m'mawa uliwonse amaloza ndi chala kuti lero alowa uyu, uyu abwerere. Anayamba kufunsidwa wamkulu pa onse. Anawerama n'kunena kuti, "Ine abambo, ndinali kumanga, sindinaone kanthu." Wachiwiri anati, "Monga anenera amayiwa." Wachitatu chimodzimodzi. Wachinayi anangogwedeza mutu.

A komiti anandiuza monyadira kuti mboni zinayi zinagwirizana. Ine ndinati munali ndi mboni imodzi, enawo anangovomera nyimbo. Ndipo ngakhale imodziyo inkayankha maso ali pa munthu amene wagwira ufa wa ana ake. Mukanakhala inu, ganyu yanu ikutha ndi fodya mwezi wamawa, mukanayankha bwanji?

Kuipa kwake n'koti zimenezi sizikonzeka. Munthu akamva mnzake akufotokoza, zomwe anaona yekha ndi zomwe wamva zimasakanikirana m'mutu mwake, moti ngakhale mutamuitana payekha mawa, sangathenso kuzilekanitsa bwinobwino. Komanso wanena kale pamaso pa anthu kuti sanaone, ndiye kusintha kuli ngati kudzitcha wabodza. Mbewu ya chimanga choyera mukaithira m'thumba limodzi ndi yachikasu, mutha kukhala pansi n'kusankha. Umboni wosakanizidwa ulibe msankhulo.

Izi zinandikumbutsa mlimi wina wa mbatata ku Tsangano. Ng'ombe zinamudyera dimba, ndipo abusa atatu a m'mudzimo onse ankati ndi ng'ombe za tsidya lina. Mkuluyo sanakangane nawo. Anatuma mmodzi kukatunga madzi, wina kukaitana mkazi wake, n'kutsala ndi mmodzi. Aliyense anamufunsa funso limodzi lokha: ng'ombe yomwe inatsogola kulowa inali yamtundu wanji? Wina anati yakuda, wina yofiira, wachitatu anati kunali kutada. Anandiuza akuseka kuti, "Alangizi, bodza likakhala pagulu limanenepa, koma palokha limaonda." Mkulu ameneyu sukulu sanapite nayo patali. Nanga komiti yokhala ndi mlembi, buku ndi chidindo ikulephera pati?

Ndikudziwa chomwe mundiyankhe, poti ndachimva kambirimbiri: kwathu kuno milandu timakambira pabwalo, poyera. Zoona, ndipo bwalo la amfumu lili ndi ntchito yake. Koma pabwalo pa amfumu woweruza salemba ganyu mbonizo, ndipo cholinga chimakhala kuyanjanitsa anthu oti mawa akumana pamaliro. Kufufuza kwa kuntchito kumafuna kudziwa ngati chinthu chinachitika kapena ayi. Mukayamba ndi kuyanjanitsa, ndiye kuti mwagamula kale kuti panali mkangano wa anthu awiri olingana mphamvu, pomwe mmodzi ndi amene amasunga mndandanda.

Musaganize kuti woluza ndi mayi yekha. Mayi uja anasiya ntchito, amayi ena m'shedimo anaphunzirapo kuti kudandaula n'kudzivula pagulu. Koma kapitawonso sanayere. Ngati sanalakwe, palibe pepala lililonse lonena kuti nkhani inafufuzidwa ndipo sinapezeke. Mzere woti anakhululukirana umamveka ngati panali choti akhululukidwe. Mpaka lero pamsika amamuloza.

Ndiye pali nthawi. Akuluakulu amati mlandu suola, koma mlandu wa kuntchito umaola ndithu. Lamulo la ntchito la dziko lino la Mozambiki, nambala 13 ya 2023, lomwe linalowa m'malo mwa la 2007 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2024, limaika nkhanza zotere m'gulu la zolakwa zolangidwa nazo kuntchito, ndipo limapereka masiku. Bwana akadziwa za cholakwa ali ndi masiku 30 oti apereke kalata yofotokoza mlandu, ija timati nota de kulupa, ndipo wantchito amakhala ndi masiku 15 oti ayankhe molemba. Komiti ija inadya masabata kudikira kuti mitima itsike. Mukadzafuna kumulanga munthu mochedwa, kapena popanda mapepala amenewa, chilangocho chikhoza kukagwa kukhoti ngakhale atakhala kuti analakwadi.

Atandipempha kuti ndiwathandize kuonanso nkhaniyi, amayi anayi aja sindinawadalirenso kwenikweni. Ndinayamba ndi zinthu zosaopa kapitawo. Buku loitanira mayina linaonetsa kuti mayiyo anagwira ntchito masabata asanu otsatizana osajomba, kenako dzina lake linasowa kuyambira Lolemba lotsatira tsiku lomwe ananena lija, pomwe ena onse a pabenchi yake anapitiriza. Izi sizitsimikiza kuti anagwidwa m'chiuno. Zimangotsimikiza kuti anachotsedwa, ndi tsiku lake. Ndinafunsa kapitawo payekha, mwaulemu, chifukwa chomwe anamuchotsera. Anati ankasakaniza magiredi. Ndinati chabwino, mundionetse pomwe zinalembedwa, kapena munditchulire amene munamuuza. Panalibe. Apanso samalani, kusowa kwa pepala sikumupanga munthu kukhala wolakwa, poti m'mashedi mwathu zambiri sizilembedwa. Koma n'chinthu choti chilowe mu lipoti monga momwe chilili.

Kenako ndinafunsa mayiyo kuti munthu woyamba kumuuza anali ndani. Anatchula mlonda wa pachipata, yemwe komiti sinamuganizire n'komwe chifukwa sanali m'shedi. Mlondayo ndinakumana naye kutali ndi shedi. Sindinamufunse kuti, "Munaona kapitawo akumugwira?" Funso lotere limamupatsa munthu yankho m'kamwa, ndiponso limamuuza nkhani yomwe mwina samaidziwa. Ndinati, "Tandiuzeni za tsiku lija, kuyambira pomwe anthu anayamba kuweruka." Anafotokoza kuti mayiyo anatuluka pomalizira, yekha, akulira, ndipo anamuuza kuti kapitawo wamuchita chipongwe. Ndinamufunsa kuti pa zimenezi, zomwe anaona ndi maso ake ndi ziti, zomwe anauzidwa ndi ziti. Kulira anaona, kutuluka mochedwa anaona, za kuseri kwa mabelo anauzidwa. Ndinalemba motero, m'mizere yosiyana.

Kalembedwe ndi pomwe ambiri amaonetsera mbali yomwe ali. Mlembi wa gulu lija atayesa kulemba, anayamba ndi mawu oti kapitawo ndi munthu wodziwika ndi khalidwe loipa. Mnzake wa m'komiti ankafuna alembe kuti mayiyo ndi wokonda amuna. Zonse ziwiri ndinafufuta. Lipoti silinena za mbiri ya munthu, limayankha dandaulo lililonse palokha. Pa dandaulo loti anachotsedwa pamndandanda atakana, tinalemba kuti kuchotsedwako kwatsimikizika ndi buku, kuti chifukwa chomwe wonenezedwa anapereka chilibe umboni wochichirikiza, ndipo poona kuyandikana kwa masiku, zikuoneka kuti kufotokoza kwa wodandaula ndiko kuli pafupi ndi zoona. Pa dandaulo la kugwidwa, tinalemba kuti palibe mboni yoona ndi maso, wonenezedwa akukana, wodandaula sanasinthe mawu ake nthawi zonse zomwe anafunsidwa, ndipo mlonda anamuona akulira madzulo omwewo. Tinalembanso poyera kuti umboni wa amayi anayi sitinaupatse mphamvu chifukwa unatengedwa pagulu pamaso pa wonenezedwa. Wapampando mzere umenewu sunamusangalatse. Unatsala momwemo.

Ndipo mawu oti "sizinatsimikizike" asamasanduke "ananama". Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndaona amayi akulipitsidwa nkhuku chifukwa komiti sinazisiyanitse.

Tsono mwachidule, poti zinazi mukuzidziwa. Wofufuza asakhale mbale, mnzake wa pamowa kapena wa pansi pa aliyense mwa awiriwo. Ngati m'komiti mulibe wotero, bwerekani wa gulu lina. Yambani ndi wodandaula payekha, ndipo akafuna pakhale mayi mnzake womukhulupirira, koma asakhale mmodzi wa mboni. Wonenezedwa muuzeni zomwe akunenezedwa mwatsatanetsatane, tsiku ndi malo, ayankhe, atchulenso mboni zake, ndipo nazonso muzifunse chimodzimodzi. Mboni zifunseni tsiku limodzi ngati n'kotheka, mmodzimmodzi, pamalo poti ena sakuona amene walowa. Mndandanda wa aganyu auchotse m'manja mwa wonenezedwa mpaka nkhani ithe. Osasamutsa wodandaula ngati kuti ndiye wolakwa. Mauthenga a pafoni ajambuleni nambala ndi tsiku zikuoneka asanafufutidwe. Ngati mukulemba m'Chipwitikizi pomwe munthu walankhula Chichewa, muwerengereni m'Chichewa zonse asanasaine kapena kudinda chala, ndipo womasulira asakhale wa m'shedi momwemo. Mapepala asungidwe pokiya, osati m'buku la misonkhano lomwe aliyense amatsegula. Amene wafufuza asakhale yemweyo wogamula chilango.

Nkhani ikakhala ya kugwiriridwa kapena kumenyedwa, kapena ikakhudza mwana wosakwana zaka 18, musayambe ndi komiti. Munthuyo apite kuchipatala msanga, mkati mwa maola 72 kuti mankhwala oteteza ku kachilombo agwire ntchito, ndiponso kupolisi, kuli ofesi yoona za nkhanza za m'banja ndi ana. Zofufuza zanu za kuntchito zibwere pambuyo, ndipo zisatseke njira imeneyo.